Mwana wa namgumi pa njira ya sitima

Kwathu ku Nkholongue nsomba timazilankhula ndi phokoso. Ukatchera ukonde umamenya madzi ndi nkhafi, kugogoda m'mbali mwa bwato, nsomba n'kuthawira komwe ukufuna. Amalume anga anakula akuchita zimenezo asanalowe usilikali wa pamadzi ku Metangula. Atapuma ntchito ndinawaitanira ku Nacala, kunyanja ya mchere, kuti aziyendetsa boti lathu. Ine ntchito yanga inali kumvetsera anamgumi: kutsitsa maikolofoni m'madzi, kuvala mahedifoni, kujambula mawu.

Anamgumi a linunda amabwera kumeneko nyengo yozizira kudzabereka. Pansi pa madzi maso saona patali, ndiye moyo wawo uli m'makutu. Amamva kumene mafunde akuswekera pamiyala, amamva kumene kuli anzawo. Amphongo amaimba mokweza, nyimbo yomveka kutali. Koma mayi ndi mwana amangonong'onezana, timawu tating'ono tomveka pafupi pokha, mwina kuopa adani. Amalume ankati ndimalipidwa pomvetsera miseche ya nsomba.

M'mawa wina tinapeza mayi ndi mwana wake pakhomo la doko, pamene sitima zimadutsa. Mwanayo anatalikira pang'ono, akusewera. Kenaka m'makutu mwanga munayamba kulira chinthu ngati chigayo. Sitima yaikulu inkatuluka. Chopalasira chake chikamazungulira chimapanga thovu lophulika mosalekeza, ndipo phokoso lake limagwera momwe muli mawu a anamgumi. Mphongo yomwe inkaimba kutali inasiya. Timawu ta mwana uja tinamira.

Mayi anatulukira mbali ya kumpoto, mwana kumwera, njira ya sitima pakati. Ndinaitana oyendetsa sitimayo pa wailesi kupempha kuti achepetse liwiro, chifukwa sitima ikayenda pang'onopang'ono phokoso limachepa. Anandiyankha mwaulemu kuti achepetsa, koma chinthu chachikulu chotero sichiima ngati njinga.

Ndikulankhula choncho, amalume analiza injini, n'kulowetsa boti pakati pa mwanayo ndi njira ya sitima. Anatenga nkhafi n'kuyamba kugogoda boti ndi mphamvu zawo zonse. M'mahedifoni munaphulika mpaka ndinawavula.

"Amalume, mukuchita chiyani?"

"Ndikumpirikitsa asagundidwe! Espera, dikira, uona."

Mwanayo anathawadi, koma anathawira kumwera, kutali ndi amake. Mwana woyamwa akasiyana ndi amake sakhala moyo.

"Zimitsani injiniyo! Siyani nkhafiyo pansi! Imeneyi si chambo!"

Ndinali ndisanawakalipirepo chibadwire munthu amene anandilipirira sukulu. Anandiyang'ana, nkhope itauma. Anazimitsa.

Sitima inadutsa, mafunde ake n'kutigwedeza. Phokoso linatsalabe m'madzi ngakhale itapita kale, likuchepa pang'onopang'ono. Mwanayo ankazungulira pamwamba, kupuma pafupipafupi. Mayi sanaonekenso. Nditavalanso mahedifoni ndinamva kamawu kaja, kang'ono, kakubwerezabwereza. Ndinali ndidakali ndi ukali, ndiye sindinafotokoze kanthu. Ndinangowaveka amalume mahedifoniwo.

Anamvetsera nthawi yaitali.

"Ndi iyeyo akulirayu?"

"Eya."

"Nanga amake akuyankha?"

"Sindikuwamva. Mwina atalikira. Mawu amenewa safika patali."

Apo ndinazindikira kuti tili ndi vuto lina. Injini itazima, mphepo ndi mafunde zinkatikankhira ku miyala ya m'mphepete. Ndinkaona madzi akuyera poswekera.

"Amalume, lizani injini. Tigunda miyala."

"Iyayi."

"Ndi ine ndanena, lizani!"

"Wanena wekha kuti mawu ake ngaang'ono, mwana iwe. Nkaliza, amake amva bwanji?"

Anagwada kutsogolo kwa boti n'kuyamba kupalasa ndi nkhafi yomwe ija, mwakachetechete, osaikhudzitsa ku boti ngakhale pang'ono. Boti la injini ndi lolemera, silimvera nkhafi imodzi. Munthu wa imvi uja thukuta linali kamukamu, misempha ya m'khosi itatupa, ndipo miyala sinkatalikira, inkangoleka kuyandikira. Ine dzanja lina linali pa chingwe cha injini, lina pa hedifoni, ndikudziuza kuti funde lina likatikankha ndikoka, andikwiyire akafuna.

Kenaka pansi pa kulira kwa mwanayo ndinamva kubuula kwakuya, kamodzi. Mwanayo anasiya kuzungulira, n'kulunjika kumpoto ngati wakokedwa ndi chingwe. Patapita kanthawi mpweya unafwenthera m'mwamba pawiri, waukulu ndi waung'ono, moyandikana.

"Apezana," ndinatero. "Lizani tsopano."

Amalume sanatembenuke. Anapitiriza kupalasa, manja akutuluka magazi m'matuza.

"Dikira," anatero. "Ayambe atalikira."