Kalata ya m'pulasitiki

Pa anthu onse oweta ng'ombe za mkaka kuno ku Mikolongwe, palibe wodziwa za mabanki kuposa ine. Ndinaphunzira za bizinesi ku koleji teremu imodzi ndi theka, ndipo tsiku lomwe amaphunzitsa za mabankilo ndinali pa mzere wa obwezedwa chifukwa cha fizi. Komabe a gulu lathu anandisankha kukhala mlembi, poti ndinapondako.

Chaka chimenecho mamembala ankadulidwa pa mkaka mwezi ndi mwezi kuti tigule jenereta, mkaka usamasase magetsi akathima. Sitolo tinaipeza ku Limbe. Tsiku lolipira litayandikira, mkamwini wa atcheya anabwera ndi uthenga womwe analandira pa foni: eni sitolo asintha akaunti, ndipo kalata ya kubanki yotsimikizira ndi iyi. Anali ataisindikiza pa Boma nkuimata m'pulasitiki. Kwathu pepala likalowa m'pulasitiki latha kukayikiridwa, limakhala ngati satifiketi ya ubatizo.

"Chidindo chake mwachiona?" anatero atcheya. "Alembi, sayinani, mawa tikalipire."

Ndalama sizituluka popanda siginecha zitatu. Atcheya ndi amayi osunga chuma anali atasayina kale. Yanga ndiyo amaidalira anthu, ndipo ndinkadziwa kuti zikalowa m'madzi adzabwera kudzamasula ng'ombe ya amayi anga, imodzi yomweyo. Koma kukana kunali ngati kunena mkamwini wa atcheya kuti ndi wakuba, apongozi ake ali pomwepo.

"Tingoimbako kaye," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana wa kwaya.

Atcheya anaimba nambala yomwe inali pansi pa kalatayo, nkuika pokweza. Bambo wa mawu osalala anati inde, kalatayo ndi yawo, tilipire msanga. Kumbuyo kwake tambala analira.

"Mwamva?" anatero atcheya.

"Ndamva, bambo. Banki yake ndi yoweta nkhuku."

Palibe anaseka. Ndinapempha tsiku limodzi, ndikunamizira kuti ku koleji amatero. Amayi osunga chuma anandiyang'ana kuchokera ku nsapato. "Koleji yake yomwe munathawa ija, achimwene?"

M'mawa ndinakwera kabaza, kenako minibasi, ulendo wa ku banki ku Limbe. Njira yonse pulasitiki ija inkandimata pachifuwa ndi thukuta. Pa khomo la banki miyendo inakana. Ndinaganiza kuti kalata ikakhala yabodza, agwira amene waigwira, ndiye ineyo. Ndinadutsa pakhomopo ngati ndikufuna sitolo ya nsapato, ndinabwerera, mlonda nkundifunsa ngati ndataya chinthu.

Mayi wa pa desiki anayamba ndi kundichenjeza kuti za akaunti ya munthu wina sangandiuze. Chomwe angachite ndi kuona ngati kalatayo inachokeradi kwa iwo. Anakopera nambala ya kalata yomwe inali pamwamba, pafupi ndi deti, nkulowa nayo mkati. Ndinatsala ndikuyang'ana mfuti ya mlonda, ndikuganiza kuti ng'ombe ija ndani azikaimwetera udzu.

Anabwera ndi bwana wawo.

"Mwaitenga kuti?" anafunsa bwanayo.

Ndinafotokoza zonse, mpaka za tambala. Bwanayo anati nambalayo ndi ya kalata yeniyeni, koma yakalekale. Wina anaijambula nkusintha deti ndi nambala ya akaunti. Amene anasayinayo anachoka pa nthambiyo kale deti latsopanolo lisanafike. Foni yapansiyo si yawo.

"Nanga chidindochi?" ndinafunsa.

"Chidindo chimajambulika, bambo. Ndiye mwachimatanso m'pulasitiki, ngakhale inki sitingaione."

Anandiuza kuti tisamafunse kalata ngati ikunena zoona poimba nambala yolembedwa pa kalata yomweyo. Tizipita ku nthambi, kapena tiimbe nambala yomwe taipeza tokha. Tikafuna chitsimikizo, eni sitolo apemphe kalata yatsopano ku banki yawo, ya masiku omwewa, dzina la pa akaunti lofanana ndendende ndi la sitolo. Ya miyezi yambiri, ngakhale ikhale yeniyeni, sinena za lero, poti akaunti imatsekedwa. Kalata ija anaisunga, nkulemba dzina langa. Atandisayinitsa, siginecha yanga inaoneka yabodza kuposa kalatayo.

Ndinatsetsereka ku sitolo kuja. Akaunti sanasinthepo chiyambire. Mwini wake anagwira kumutu, nkuyamba kuitana antchito ake mmodzimmodzi kuti adziwe amene anaulula za jenereta yathu kwa akubawo.

Kumudzi mkamwini uja anatuwa, nkuonetsa foni yake kwa aliyense wodutsa. Nayenso anangopusitsidwa. Atcheya anati iwo tambala uja anamumva kale, amangondiyesa. Jenereta tinagula sabata yotsatira, ndipo ng'ombe ya amayi ili m'khola mwake, ikundiponda phazi m'mawa uliwonse.

Pa msonkhano ndinapempha kuti andibwezere za ulendo. Amayi osunga chuma anati ndibweretse lisiti ya kabaza yokhala ndi chidindo. Choncho seveni sauzande faifi handiredi inatuluka m'thumba mwanga, kuphatikizapo botolo la madzi lomwe ndinamwa pa khomo la banki kuti miyendo ivomere.