Timizere ta a Maynard pa Ukwati wa Tamara

A Maynard anafika mu Lilongwe ali mnyamata, kuchokera kwawo ku Nathenje, atasenza thumba la anyezi. Anyeziyo anagulitsa pa msika wa Tsoka, koma kumudzi sanabwererenso kukakhazikika. Anakankhapo wilibala, anagwirapo maganyu osiyanasiyana, mpaka anapeza ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Area 15, kumene imvi zawamerera. Sukulu analekezera ku pulayimale, koma kuwerenga amakukonda. Nyuzipepala yakale ikawapeza, amayamba aiwerenga yonse asanakulungiremo mbande.

Kumene kunkawavuta kunali kuwerenga pagulu. Tsiku lina ku tchalitchi anawapempha kuti awerenge Mawu. Atangoona maso a anthu, anayamba kuwerenga mothamanga ngati wina akuwapirikitsa, mpweya unawathera pakati pa vesi, nakhala pansi asanamalize. Achinyamata anawapatsa dzina loti a Kabaza, ndipo linakhazikika. Kuyambira pamenepo ankakhala benchi lakumbuyo.

Ndiye kunabwera ukwati wa mwana wawo Tamara, amene ankakwatiwa ndi Clifton, mnyamata waulemu wogwira ntchito mu ofesi ku City Centre. Pokonza mwambo wa ku holo, a Dalton, mlongo wawo wa a Eneless, mayi ake a Tamara, sanachedwe.

"Alamu, mawu a makolo mundisiyire ine. Inu mudzamaliza anthu asanakhale n'komwe pansi."

"Amalume, inu ndinu ankhoswe, mbali yanu ilipo kale," anatero Tamara. "Amene ankandiperekeza kusukulu pa njinga ndi adadi. Ndikufuna ndidzamve iwowo."

Anagwirizana kuti a Maynard adzayese, koma a Dalton adzaime pafupi, kuti zikadzavuta adzalande chinkuzamawu. A Maynard anavomera ndi mutu wokha. Kulandidwa chinkuzamawu pamaso pa apongozi, mwana wawo akuona, kunali kuwawawa zisanachitike n'komwe.

Analemba mawu awo pa pepala la m'kope, nayamba kumawerengera mpanda wa maluwa nthawi yopuma. Abwana awo, Mayi Immaculata, amene kale ankawerenga zidziwitso pa wailesi asanapume pa ntchito, anawamva ali pakhonde.

"A Maynard, kodi maluwawo akulakwirani chiyani? Tabwerani nalo kuno pepalalo."

Mayiwo anatenga pensulo. Pamene panafunika kuima pang'ono anajambula kamzere kamodzi kopendekeka. Pamene ganizo lathera anajambula timizere tiwiri.

"Kamodzi, imani pang'ono basi. Tiwiri, tsekani pakamwa, kokani mpweya ufike m'mimba, kenako muyambe. Chala chanu chiziyenda pansi pa mzere, ndipo chisadumphe chizindikiro."

A Maynard anayesa, koma pa chiganizo chachitali chonena za ubwana wa Tamara mawu anazilala asanafike pa timizere tiwiri.

"Ayi, apa ndalakwitsa ndine," anatero mayiwo akufufuta. "Ndayeza ndi chifuwa changa. Werengani mokweza, muime pamene inuyo mukufuna mpweya."

A Maynard anaima pambuyo pa mawu oti "ndi". Mayi Immaculata anapukusa mutu, nabwezera chizindikirocho m'mbuyo pang'ono, pamene mawu amamveka athunthu. Anati munthu sapumira pakati pa mawu oyendera limodzi, ndipo mpweya umakokedwa usanathe, osati utatha. Chiganizo china anangochidula pawiri.

Kenako anawauza kuti adule mzere kunsi kwa mawu ofunika kuwatsindika. A Maynard anakagwira ntchitoyo kunyumba, nabwera m'mawa pepala lonse lili mizere yokhayokha.

"Onsewa ndi ofunika, Mayi."

"Mukatsindika onse, palibe amene amveke. Sankhani amodzi pa ganizo lililonse. Apa mukuti, 'Sitikukupatsani mlendo, tikukupatsani mwana.' Mtima wanu uli pati?"

"Pa mwana."

"Basitu. Enawo fufutani."

Masabata anapita. Pepala linada ndi zala za dothi, linathothoka m'mbali chifukwa chofufutafufuta, koma a Maynard anali atayamba kuyenda nalo bwino. A Eneless, amene ankamvetsera akusita zovala, anasiya kuseka.

Kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike, Clifton anabwera kudzawaona, naliona pepalalo patebulo. Anapempha mwaulemu kuti akaliike mu chikwama chabwino cha mapepala, adzawapatse pa tsikulo. Mpongozi sakanizidwa zinthu zazing'ono, ndiye anamupatsa.

Loweruka ku holo, nyimbo zili pakati, mnzake wa mkwati anabweretsa chikwamacho. A Maynard atatsekula anapeza pepala loyera mbee, lotayipidwa bwino, mawu onse ali momwemo, koma panalibe kamzere ngakhale kamodzi. Clifton anaona ngati timizereto tinali zokhwatchakhwatcha za poyeserera, nakatayipitsa mawu okha, ndipo pepala lakale linatsala kwa wotayipa. Zilembo zinangoti ndandanda, popanda popondera.

A Dalton anasuzumira, nakonza tayi yawo.

"Alamu, musadzivute. Ine ndilipo."

A Maynard anayang'ana kumene kunakhala alendo. Mayi Immaculata anali pakatikati pa anthu, ndipo kuwafikira kukanadzutsa mzere wonse. Anakumbukanso mmene mayiwo anafufutira zizindikiro zawo zomwe. Chifuwa chinali cha a Maynard, ndipo amene ankachidziwa ndi iwo eni.

Anatulukira khomo lakumbuyo, napempha cholembera kwa mlonda wa pa holoyo. Anatsamiritsa pepala pa khoma nayamba kuwerenga motulutsa mawu, monga ankachitira ku mpanda wa maluwa. Pamene mpweya unkayamba kuchepa, ankabwerera pang'ono kufuna pothera ganizo, n'kujambula tiwiri. Kunsi kwa "mwana" anadula mzere. Pamwamba penipeni, mawu asanayambe, anaikanso tiwiri, poti anadziwa kuti iwo amagwa poyambira.

"Akulu, mukulemba mayeso?" anafunsa mlonda.

"Eya, achimwene. Ndipo ayamba kale."

Woyendetsa mwambo ataitana bambo a mkwatibwi, a Maynard anaimirira, a Dalton ali pambali pawo. Maso a anthu anali ngati a tsiku lija. Chala chinapeza timizere toyamba. Anatseka pakamwa, nakoka mpweya. Kwa iwo zinaoneka ngati akhalitsa, koma anthu anangoona bambo wodekha. Mzere woyamba unanjenjemera. Wachiwiri unafuna kuthawa, koma chala chinagunda kamzere, naima.

Atafika pa "tikukupatsani mwana", mawu otsirizawo anatuluka olemera, ndipo nthungululu zinabuka mbali zonse ziwiri. Izi pa pepala panalibe. A Dalton, poona kuti alamu awo angoti chete, anatambasula dzanja. A Maynard sanapereke. Chala chinali pa timizere tiwiri, ndipo anadikira phokoso lithe, napitiriza pomwepo mpaka kumapeto. Tamara ankapukuta m'maso mosamala kuti asawononge zodzola.

Pokhala pansi, a Dalton anawanong'oneza: "Kabaza uja mwamugulira mabuleki kuti?"

Clifton atamva zimene anachita, anabwera kudzapepesa atagwira manja kumbuyo. A Maynard anangomuuza kuti zilembo zake zinali zazikulu bwino, zosavutitsa maso.

Masiku ano akadali ku Area 15, kudulira maluwa. Ku tchalitchi anasendera kutsogolo pang'ono, ndipo akawapatsa Mawu oti adzawerenge, amapempha kuti awauziretu pakati pa sabata. Amakopera ndimeyo pa pepala, chifukwa m'Baibulo safuna kulembamo, kenako amakaiwerengera mpanda uja, pensulo ili kukhutu.