Mchere wa m'chitini

Mwana wanga woyamba ali ndi masabata ochepa, apongozi anga anabwera kwathu ku Migowi kuchokera kumudzi ku Jenala kudzaona ngati ndikukwanitsa. Anali atanena kale kuti akapeza zinthu zili balala, anditenga ine ndi khanda tikakhale kumudzi mpaka mwana atakhwima. Ine kumudziko ndinkakuopa. Chipatala chili kutali, ndipo mwana akangoyetsemula ndinkayamba kulira ndine.

Mayi amene wangobereka kumene sathira mchere m'ndiwo, akuti odyawo angadwale mdulo. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, koma ndisaname, lamuloli ndinkalisunga, poti ukakhala ndi khanda umaopa chilichonse. Ankandithirira mchere ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba. Tsiku limene apongozi ankafika, mayiyo anali kumaliro, ndipo bambo a mwana anali kusukulu komwe amaphunzitsa.

Ndinabereka mwana kumbuyo n'kupita kugolosale. Ndinagula zitini zitatu, cha nsomba, cha nyemba ndi cha nyama, nditaziyang'ana bwino kuti si zotupa kapena zophwanyika komanso kuti masiku ake sanathe. Ndinatenthetsa nsombazo ndi anyezi, zitini zinazo ndinabisa kuseri kwa ndowa.

Apongozi atalawa anasiya mbamu m'mbale.

"Make mwana, wathira mchere ndani?"

"Si ine, amayi."

"Nanga khandali layamba kuphika?"

Ndinatulutsa chitini chopanda kanthu chija, kenako zinzake ziwiri. Anazitembenuzatembenuza.

"Ndiye kufakitaleko amathira ndani? Mukumudziwa? Mwina nayenso ndi wakhanda."

"Amathira ndi makina, amayi."

Kunena zoona sindinaonepo fakitale ya nsomba. Ndinangoyankha ndi nkhope ya munthu wophunzira. Iwo anaganiza kaye.

"Makina sabereka," anatero. "Tsegulani zonse, ndione zomwe mukudyetsa mwana wanga."

Tinayamba ndi nyemba, zomwe zinali zotsika mtengo pa zitatuzo. Atathira m'mbale anapendeketsa, msuzi n'kutsetserekera mbali imodzi, nyemba n'kutsala kamulu kochepa.

"Mwagula madzi. Ndipo muli shuga. Nyemba za shuga, kodi ndi phala? Ndalama yomweyo pamsika paja bwenzi mutagula zouma zodya masiku angapo."

Apa ankanena zomwe amadziwa, chifukwa nyemba amalima okha.

Nsomba anazikayikira chifukwa zinalibe mitu. Anafunsa ngati mituyo amadya ndi eni fakitale. Koma atafinya munga ndi zala n'kuona ukufumbutuka, anavomera kuti palibe chotaya, ndipo msuzi wa tomato uja ndi ndiwo kale. Ndinawonjeza kuti minga yofewayo imalimbitsa mafupa a mayi woyamwitsa. Chimenecho ndiye ndinachiphunziradi.

Nyama inatuluka ili chibuma, mafuta oyera atazungulira m'mbali. Inali yokwera mtengo kuposa zonse. Apongozi anati ikuoneka ngati wina waitafuna kale, koma analawa, analawanso, kenako anakokera mbaleyo kufupi ndi bondo lawo.

Apa m'pamene mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinkadziwa kuti kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga ndipo achepetse mchere, komanso kuti mwana wawo amawakalipira pa nkhaniyi kuposa anesi. Ndinatenga zitini zija n'kuwerenga mokweza pomwe amalemba sodiyamu, ndiye kuti mchere, pa magalamu zana alionse. Nsomba ndi nyemba sizinasiyane kwambiri. Nyama inaposa nsomba pafupifupi kawiri.

"Amayi, imeneyi ndiye mchere wokhawokha. Nyemba zikakhala za m'madzi a mchere munthu amatsuka, koma nyamayi mcherewo uli m'kati mwenimweni. Bambo a mwana akamva kuti mwadya..."

"Amva kwa ndani?"

Ndinayang'ana khanda, khanda linayang'ana kudenga. Apongozi anatafuna pang'onopang'ono akundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Nyumba yanu ndi yaukhondo," anatero pomaliza. "Mwananso akuoneka wonenepa. Kumudzi masiku ano kuli udzudzu wambiri."

"Ulikodi, amayi."

Ndinawachotsera mbale ija atadya theka, poti kuwapha sindinkafuna. Madzulo bambo a mwana atabwera anapeza nsomba, ndipo amayi awo anawalangiza mwamphamvu kuti nyama ya m'chitini asamagule, ndi yodula komanso mchere wake ndi woopsa. Iwo anadabwa kuti amayi awo azidziwira kuti zimenezi.

Apongozi anakhala nafe masiku angapo, akuthira okha mchere m'ndiwo, pang'ono kwambiri ine ndikamayang'ana. Anabwerera ku Jenala okha. Chitini cha nyama chija anachitsuka n'kupita nacho, akuti n'chabwino kuyezera nyemba zomwe azinditumizira.