Bokosi lobiriwira la Mayi Mabokosi

Dzina loti Mayi Mabokosi sanabadwe nalo, anamupatsa ndi anzake a mu ofesi. Anayamba ntchito ali namwino, koma msana utayamba kuvuta anasamukira ku bungwe lina la zaumoyo, komwe ankalemba logifuremu, tebulo lija la mabokosi pa pepala limene eni ndalama amafuna kuliona asanatulutse thandizo. Ntchitoyo ankaikonda moti ngakhale ukwati wa mwana wake anaukonza m'mabokosi.

Akamaphunzitsa obwera kumene, ankayambira pansi pa tebulo nkumakwera nalo. Pansi pali zochita. Pamwamba pake pali zimene zochitazo zimabala pompopompo, kenako kusintha kumene kukufunika pa miyoyo ya anthu. Mzere uliwonse uli ndi muyeso wake, ndi komwe umboni ukatengedwe. Ankanena kuti tebulo silinama, amanama ndi anthu, ndipo ankanena zimenezi modzitama ndithu.

Pulojekiti imene inamuwawitsa mtima inali yolimbana ndi kutsekula m'mimba kwa ana. Zochita zinali kuphunzitsa mavolontiya ndi kugawa kolorini wothira m'madzi akumwa. Zotuluka zinali mavolontiya ophunzitsidwa ndi makomo oyenderedwa. Kusintha kofunikako kunali koti ana odwala achepe. Pa muyeso analemba yekha ndi dzanja lake: chiwerengero cha ana obwera kuchipatala akutsekula m'mimba chitsike, umboni wake kaundula wa kuchipatala.

Mavolontiya aja anagwira ntchito ngati akulipidwa. Mwana akangolowa maso, akakana kuyamwa, ankauza mayi ake kuti abereke msanga, ena mpaka kuwaperekeza. Ana amene kale ankadwalira kuseri kwa chitseko anayamba kudzaza benchi ya kuchipatala. Chiwerengero chinakwera, bokosi la muyesowo pa kompyuta nkufiira, kusonyeza kuti pulojekiti ikulephera.

Mayi Mabokosi anaona msanga pamene panalakwika. Muyeso wake sunkawerenga ana odwala, unkawerenga ana ofika. Anakafotokozera bwana wamkulu, munthu wonunkhira mafuta okwera mtengo amene nsapato zake sizinapondepo matope a pulojekitiyo. Anapempha kuti alembere eni ndalama, muyeso usinthidwe, azifunsa khomo ndi khomo ngati mwana watsekula m'mimba masiku apitawa. Bwana anakana. Anati kusintha muyeso pakati pa ulendo nkuvomera kuti sadziwa ntchito, kafukufuku wa m'makomo alibe bajeti, ndipo gawo lachiwiri la pulojekiti likudalira bokosi limenelo.

“Musadere nkhawa, mayi,” anatero akupukuta magalasi. “Tingowakumbutsa mavolontiya kuti si mwana aliyense wofunika kuchipatala. Mapaketi obwezera madzi m'thupi alipo, azimwera kunyumba.”

Mawuwo paokha sanali bodza, nchifukwa chake ananyansa kwambiri. Pamene amafika kwa mavolontiya anali atasanduka lamulo: wotumiza ana ambiri ndiye kuti kudera kwake kolorini sakuyenda, njinga ya bungwe aibweze. Ndani angafune kulandidwa njinga? Mayi Mabokosi anamva zonsezi, koma anangong'ung'udzira m'khonde basi.

Miyezi itapita anakatenga ziwerengero kuchipatala kuja. Benchi inali mbee, mphaka atagonapo. Namwino wa pamenepo anali mlamu wake, ndipo tsiku limenelo sanamupatse ngakhale mpando. Anangomukankhira kaundula patebulo. Atafunsidwa ngati ana achiradi, anati mlungu wathawu kunabwera mayi wina atabereka mwana kumbuyo. Anamasula nsalu, mwana atazizira kale. Volontiya anali atamuuza mayiyo kuti ayambe wayesa mapaketi.

“Nanga munamulemba?” anafunsa Mayi Mabokosi, nachita manyazi ndi pakamwa pake pomwepo.

“Alamu, bukuli ndi la odwala. Ameneyo sanakuwonongereni chiwerengero.”

Atabwerera ku ofesi analowetsa ziwerengero monga zinalili, pakuti zinali zoona, ndipo bokosi linabiriwira. Bwana anaitanitsa keke. Anthu anaomba m'manja, wina nkumanyambita zala pafupi ndi kompyuta yake. Mayi Mabokosi anatuluka nkukalavula m'ngalande ya kuseri.

Anaganiza zolemba nkhani ya mwana uja m'lipoti, m'munsi momwe amalembamo zovuta zimene akumana nazo. Analembadi mizere ingapo. Lipoti litabwera kuchokera kwa bwana, mizereyo inali itachotsedwa, m'mbali mwake muli kamawu koti nkhaniyi ilibe umboni m'kaundula.

Eni ndalama anakondwa, gawo lachiwiri linavomerezedwa, madera anawonjezedwa. Bwana anaima pakhomo la ofesi yake akumwetulira, nati logifuremu yatsopano isamutayitse nthawi.

“Muyeso uja watigwirira ntchito, mayi. Ungokopedwa momwemo, madera onse.”