Bawo ya pa Lole

Zaka zimene tinkapita kukalima mpunga ku Chinguluwe, lole ya sikimu inkatitenga kum'mawa n'kutibweza madzulo. Ulendowo unali wautali, ndipo tinkaufupikitsa ndi masewera.

Tinayamba ndi bawo. Mnzanga wina wa ku Chipoka, msodzi amene anasiya ngalawa chifukwa cha chifuwa, ndiye ankabwera ndi thabwa lake. Koma bawo imafuna pansi pokhazikika. Lole ikangogunda dzenje, nkhomo zinkadumpha m'maenje mwake n'kusakanikirana, ndiye mkangano unkabuka. Aliyense ankalumbira kuti ndiye amatsogola.

Tsiku lina mkuluyo anabwera ndi katoni atajambulapo mabwalo a drafuti, ndi zitsekerero za mabotolo, zake zoyang'ana kumwamba, zanga zovundikira. Drafuti inkatha msanga, ndipo zitsekerero zikasuntha tinkakumbukira pamene zinali. Chovuta chinali chimodzi: chikagudubuka, chinkasanduka cha mnzako.

Ulendo wina, tili pafupi ndi chotchinga cha pamsewu, pamene anyamata achipani ankafunsa makadi, dalaivala anaponda buleki mwamphamvu. Zitsekerero zanga zitatu zinadumpha n'kugwa chagada.

"Achimwene, zimenezo n'zanga," ndinatero.

Iwo anaziyang'ana mofatsa. "Wallahi, zabwera zokha. Ine sindithamangitsa mlendo."

Ndinapsa mtima, koma anyamata aja anali atakwera kale m'lole, ndipo pamaso pawo munthu sankakweza mawu. Ndinatulutsa khadi langa mwakachetechete, achimwene aja akundidya zitsekerero zotsalazo ndi zitsekerero zanga zomwe.