Matumba Asanu a Mapira

Ndili wosunga katundu m'sitolo ya mbewu ku Chapananga, tsiku lina kompyuta inkati tili ndi matumba makumi anayi a mapira. Nditawerenga ndinapeza asanu akusowa.

"Achemwali, ingosinthani nambalayo," anatero mnzanga wogulitsa.

Ndinapsa mtima. Ndisinthe ndisanadziwe komwe apita? Tinawerenganso awiri, kenako ndinafufuza mapepala onse otulutsira katundu. Pepala limodzi ndinalipeza m'chipewa cha bambo woyendetsa ngolo, litanyowa thukuta. Matumbawo anawapititsa kusitolo yathu ya ku Kasisi, pepalalo osalipereka.

Ndinaimbira a ku Kasisi, nawo anawerenga n'kupeza asanu owonjezera. Abwana atasaina, ndinalemba m'kompyuta kuti anasamutsidwa, osafufuta kanthu.

Ndinaweruka mtima uli m'malo. Ndikadangosintha nambala, mpaka lero bwenzi akunditcha wakuba mapira.