Mutu wa Tchati cha Musonda

Musonda, namwino wa pachipatala chaching'ono kufupi ndi Mfuwe, adawerenga odwala malungo mwezi ndi mwezi, najambula tchati. Pamwamba adangolemba "Malungo pa Chaka", natumiza kuboma.

Akuboma adangoponyapo diso, naona mzere ukutsika mu Okutobala.

"Malungo achepa," adatero, osatumizanso mankhwala ambiri.

Mvula itagwa, amayi adadzaza khonde, ana akutentha ngati moto. Mankhwala adatha. Mtima wa Musonda udawawa, poti pa tchati chija mzere womwewo unkakwera mu Januwale, koma akuboma sadaone.

Chaka chino adalemba mutu wina: "Malungo amawirikiza katatu mvula ikagwa." Pansi adawonjezera: "Odwala oyezedwa pachipatala chathu, mwezi uliwonse. Mankhwala afike msewu usadaduke."

Kenaka adayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kale kuda.